Masekondi Khumi ndi Awiri

Anyamata a timu yathu amanditchula a Pozi, chifukwa ati sindingaonere mpira mphindi imodzi osauimitsa. Dzinali sindilikonda, koma sindingalitsutse. Ntchito yanga ndi yomweyo. Ena akamaliza kusewera, kusamba ndi kutukwana woimbira, ine ndimatenga kamemori khadi ka mu kamera n'kukadzitsekera m'kachipinda kapansi pa masitepe a bwalo, komwe timasungiramonso maukonde akale ndi mipira yophulika. Muli tebulo limodzi, laputopu yomwe imalira ngati chigayo ikatentha, ndi mpando womwe mwendo wake umodzi ndinachita kuumanga ndi chingwe cha nsapato.

Masewero aliwonse ndimawaonera katatu. Koyamba ndimangoonera ngati munthu wamba, osakhudza kanthu. Kachiwiri ndimaika zizindikiro: apa kona, apa tataya mpira, apa talanda, apa shoti, apa chigoli, chilichonse ndi mphindi yake. Kachitatu ndi kamene kamanditengera tsiku, chifukwa pamenepo sindiyang'ananso mpira. Ndimayang'ana anthu omwe alibe mpira, kuti waima pati, akuyang'ana kuti, ndipo wasiya ndani. Zigoli zambiri zimabadwira kumeneko, kutali ndi kumene masapota akulozera.

Lolemba limenelo a Kochi analowa osagogoda, monga mwa chizolowezi chawo. Tinali titasewera magemu anayi osapambana, titamwetsedwa zigoli zisanu ndi chimodzi, ndipo nkhope yawo inali ngati ya munthu woti wamwa mankhwala owawa.

"Pozi, undidulire zigoli zonse zija," anatero. "Chilichonse uyambire masekondi eyiti chisanalowe. Lachitatu masana ndikufuna timu yonse ione pakhoma, ndipo Lachinayi ndikupereka mayina a ochotsedwa kwa akuluakulu."

"Mayina angati, a Kochi?"

"Limodzi lokha. Ukulidziwa."

Ndinkalidziwadi. Bwalo lonse linkalidziwa. Chitseko, wotchinga kumbuyo wathu wapakati, anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo masapota omwe anamupatsa dzinalo ankaimba tsopano kuti chitseko chathyoka mahinjesi. Munthu wa msinkhu umenewo akachotsedwa pakati pa ligi sapezanso timu. Amangopachika nsapato.

"Bwanji masekondi eyiti okha?" ndinafunsa.

"Chifukwa anyamata aja ukawaonetsa zazitali amayamba kugona. Usandivute, iwe dula basi."

Ndinayamba ntchito, ndipo pasanathe theka la ola ndinali nditakwiya kale. Amene amatijambulira masewero ndi mlamu wawo wa a tcheyamani, munthu wojambula maukwati. Ndamuchonderera chaka chathunthu kuti aimike kamera pamwamba pa nsanja, pakati pa bwalo, aitsekule kuti izitenga anthu ambiri, aziitembenuza pang'onopang'ono basi. Amavomera bwinobwino, wa ulemu wake. Likhweru likangolira amaiwala zonse. Amathamangitsa mpira ngati mwana wagalu, amakokera chithunzi pafupi mpaka ndimaona thukuta pamphuno ya wosewera, pamene ine ndikufuna kuona mzere wa otchinga kumbuyo. Pa chigoli china anali akujambula mayi wovina kumasitandi, ndipo kamera inabwerera m'bwalo goloboyi wathu akutola kale mpira mu ukonde. Ndinamenya tebulo mpaka mbewa ya laputopu inagwa.

Komabe ndinadula monga anandiuzira. Zigoli ziwiri zinali zopanda nkhani: china penate, china kona yomwe goloboyi anaitulukira n'kuiphonya. Zinayi zotsalazo zinali ngati ana a mimba imodzi. Kanema akamayamba, Chitseko akuoneka akuchoka pamzere wake n'kuthamangira kutsogolo, kwa nambala teni wa adani. Teniyo akungokankhira mpira m'mpata womwe Chitseko wasiya, womwetsa zigoli wawo akulowamo, basi chalowa. Kanayi konse. Ngakhale mayi ake omubereka akanaonera akanati mwana wanga wakalamba, akungoyenda chisawawa.

Chinandivuta n'chimodzi. Ndinasewera naye Chitseko zaka zitatu bondo langa lisanandikane, ndipo munthu ameneyu sachoka pamalo popanda chifukwa. Ndi waulesi wabwino, wa mtundu umene makochi amaukonda: sathamanga ngati palibe chomuthamangitsa. Ndiye ankapita kukatani kutsogoloko? Ndinaimitsa kanema pamene akunyamuka, n'kuwerenga majezi athu. Otchinga kumbuyo atatu, wachinayi atakwera kumapiko. Kutsogolo kwawo, pamene pamafunika kuima wosewera wapakati wotchinga, panali udzu wokhawokha. Teni wa adani anali ataima pamenepo yekhayekha ngati mwini munda.

Wosewera wapakati wotchinga wa timu yathu amavala nambala sikisi, ndipo aliyense amangomuti Sikisi. Ndi mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi. Amagona m'chipinda chakumbuyo kunyumba kwanga, ndipo nsapato zake zoyamba za mpira zinali zanga zakale.

Ndinabweza kanema m'mbuyo kuti ndimupeze. Sanaoneke, chifukwa mlamu wa a tcheyamani anali atakokera kamera pamapazi a munthu wa mpira. Ndinayesa chigoli chachiwiri, chimodzimodzi. Kunena zoona, mtima wina unakondwera. Ndinadziuza kuti chimene kamera sinaone, inenso sindinaone. Ndinatseka laputopu n'kuimirira kuti ndizipita, koma ndisanafike pachitseko ndinakumbukira foni ya mphunzitsi wa magoloboyi.

Mkulu ameneyu amamangirira foni yake pawaya kuseri kwa golo kuti azijambula mmene goloboyi wake akuimira. Chithunzi chake chimanjenjemera mphepo ikamaomba, koma chimaona bwalo lonse m'litali mwake, ndipo foni ilibe mlamu woitembenuza. Ndinakamupeza akuumitsa magolovesi padzuwa, ndipo anandipatsa makanema onse anayi osafunsa kanthu.

Lachiwiri lonse ndinathera kulumikiza makanemawo. Wotchi ya foni ndi ya kamera sizigwirizana, ndiye pa gemu iliyonse ndinkafufuza pamene mpira ukukhudzidwa koyamba m'chigawo chachiwiri, n'kuwayanjanitsira pamenepo kuti aziyendera limodzi, wina kumanzere wina kumanja. Laputopu inazima kawiri. Kachiwiriko ndinali ndisanasunge zomwe ndinachita, ndipo mawu amene ndinalankhula m'kachipindamo sindingawalembe pano. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene anapeka mwambiwo sanagwiritsepo laputopu yathu.

Chapakati pa masana zonse zinali poyera. Pankangofunika kubwerera masekondi ena khumi ndi awiri kuchokera pamene a Kochi anati ndiyambire. Pamenepo mpira uli ndi ife, wakumapiko wathu wakwera, Sikisi wasendera kutsogolo kukathandiza. Tikutaya mpira. Lamulo la timu yathu ngakhale wonyamula madzi amalidziwa: mpira ukatayika, sikisi atembenuke nthawi yomweyo n'kubwerera kutsogolo kwa otchinga kumbuyo. Sikisi sakutembenuka nthawi yomweyo. Akuzungulira mtunda wautali ngati lole, kenako akuthamanga mwa apo ndi apo, dzanja lili m'mwamba ngati akudandaulira woimbira. Teni wa adani akumudutsa, akulandira mpira, akuyang'ana golo. Chitseko akucheukira kumene kuli Sikisi, akuona kuti safika, ndipo akutuluka yekha, chifukwa akapanda kutero teniyo amenya shoti ali mfulu. Sankathawa malo ake. Ankazimitsa moto wa kunyumba kwa mnzake, yake n'kupsa.

Poyamba ndinapsa mtima ndi ulesi wa mwanayo. Kenako ndinaona mphindi za zigolizo: sikisite-thuu, seventi, sikisite-eyiti, seventi-faifi. Palibe cha m'chigawo choyamba. Ndinabwerera kukamuonera kumayambiriro kwa magemuwo, ndipo kumeneko ankatembenuka bwino ndithu, ngati mphaka. Ndinachedwetsa kanema wa chigoli chachitatu, chithunzi chimodzichimodzi. Akafuna kutembenukira kumanzere saponda ndi mwendo wamanja kuti adzikankhe. Amaudumphitsa, n'kuponda katatu timasitepe tating'ono ndi wamanzere. Dzanja lokweza lija silinali la woimbira, linali lophimbira kuchedwako.

Ndinabwezanso chithunzicho. Kuponda kumeneko ndinkakudziwa, pakuti ndi kwanga. Ndinakuchita chaka ndi theka, ndikumanga bondo ndi bandeji m'chimbudzi kuti dokotala wa timu asaone, mpaka tsiku limene linaphulikiratu. Nthawi imeneyo timu inalibe wa makanema.

Lachitatu m'mawa ndinamupeza mng'ono wanga kuseri kwa nyumba akuchapa masokosi. Anali atakhala pandowa yovundikira, mwendo wamanja atautambasula. Masabata onsewa ndinkamuona atakhala choncho, osaganizapo kanthu. Munthu wolipidwa kuti aziona!

"Pinda mwendowo," ndinatero.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndati pinda mwendowo."

Anaupinda, akumwetulira, koma mano anali atalumana. Ndinamugwira pabondo ndipo linali lofunda, lotupa m'mbali.

"Linayamba liti?"

"Si kanthu, ndinangogundana ndi munthu."

"Iwe, usandiyese mwana. Ndakuonera dzulo tsiku lonse ukuzungulira ngati lole. Linayamba liti?"

Anaponya sokosi m'madzi. "Mwezi wapitawu. Koma likuchira, achimwene. Limangovuta chakumapeto."

"Chakumapetoko n'kumene tamwetsedwa zinayi. Mawa Chitseko akuchotsedwa chifukwa cha zigoli zako."

"Chitseko wadya kale zake. Wasewera zaka zingati? Ine ndikungoyamba kumene." Anatsitsa mawu poona mlamu wake, mkazi wanga, akutuluka ndi beseni. "Anthu a timu ina yaikulu akubwera kudzandionera magemu awiri akubwerawa. Awiri okha. Akangonditenga ndikanena ndekha, kumeneko kuli madokotala enieni. A Kochi anakuuzani masekondi eyiti, si choncho? Ndiye inu mungochita zomwe anakuuzani. Simunama. Palibe amene angakunenezeni kuti mwanama."

Chinandipweteka n'choti ankanena zoona. Sindikananama ngakhale liwu limodzi. Pa ntchito yathuyi munthu sanama ndi pakamwa, amangosankha poyambira.

Mng'ono wanga atalowa m'nyumba, mkazi wanga anayanika zovala ziwiri zitatu asanalankhule. Iye salowerera za mpira, amati ndi misala ya anthu akuluakulu ovala makabudula.

"Ndamva," anatero. "Khoswe wakhala pamkhate."

"Ndiye nditani?"

"Ine ndingadziwe bwanji? Ndimangodziwa kuti amene ndimamuthira madzi otentha pabondo nyengo yozizira ndi mmodzi, ndipo akundikwanira."

Ndinafika kubwalo ndili ndi mafayilo awiri pa laputopu. Ina ndinailemba kuti yaifupi, ina yaitali. Ndinaganiza zokawaonetsa a Kochi paokha msonkhano usanayambe, kuti nkhani ithere muofesi, mwanayo asachite manyazi pagulu. Ndinawadikirira pakhomo pawo ola lathunthu. Anatulukira ali pafoni, ndipo nditati ndili ndi kanthu kofunika aone, anandikupiza ndi dzanja ngati ntchentche.

"Wadula?"

"Ndadula, koma pali china chimene..."

"Tikaonera konko. Ndilibe nthawi ya mafilimu ako, Pozi."

Msonkhano timachitira m'chipinda chovalira. Timapachika nsalu yoyera pazitseko za makabati, pulojekita n'kuiika pampando, mawindo n'kuwatchinga ndi mabibu ovala poyeserera mpira. Munali fungo la mankhwala opaka minofu ndi nsapato zonyowa. Anyamata anakhala m'mabenchi, Chitseko kumapeto kwenikweni, atavala kale malaya ake apanyumba ngati munthu wodikira basi. Mng'ono wanga anakhala kutsogolo. Sanandiyang'ane.

Ndinatsekula yaifupi. Inde, ndinatero, ndipo sindibisa. Chigoli choyamba chinadutsa, a Kochi ataima pambali pa nsalu ndi kandodo kawo.

"Imitsa! Taonani. Malo ake ndi ano, iye ali uku. Akukatani kumeneko? Kukagula chiyani?"

Ena anaseka pang'ono. Chachiwiri, chimodzimodzi. Chitseko sanadziteteze. Pa chachitatu a Kochi anamufunsa ngati ali ndi chonena, iye anayang'ana nsaluyo n'kunena kuti, "Ndikuona, a Kochi. M'bwalo ndimaona ngati ndikuchita bwino. Kaya mwina mutu ndi umene wakalamba."

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Kuchotsedwa ndikanapirira, poti mpira ndi wotero. Koma munthu ankakhulupirira kanema wanga kuposa maso ake, ndipo akanapita kwawo akudziyesa chitsiru pa chinthu chimene anachita molondola kanayi konse. Ndinatseka fayiloyo n'kutsekula inayo.

"Ukutani?" anatero a Kochi.

"Chomwechi chachitatu, koma tiyambire kumbuyo pang'ono. Kumanjaku ndi foni ya kuseri kwa golo."

"Ndani wakuuza?"

"Palibe. Masekondi khumi ndi awiri okha, a Kochi. Sagona."

Ndinayendetsa. Pamene tikutaya mpira ndinaimitsa, n'kuzunguliza mzere wofiira pa teni wa adani, wina pampata wa kutsogolo kwa otchinga kumbuyo. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinangoti, "Werengani majezi athu apa," n'kuyendetsanso pang'onopang'ono. Anyamata anayamba kuwerenga. Ndinaonetsa choyamba, chachiwiri, chachinayi. Pofika chachinayi panalibenso woyang'ana Chitseko.

A Kochi ndi aliuma koma si akhungu. Anasendera pafupi ndi nsalu mpaka mthunzi wawo unaphimba theka la bwalo.

"Bweza. Chedwetsa. Apo." Analoza miyendo ya Sikisi ndi kandodo. Kenako anatembenuka. "Iwe, imirira. Dumpha ndi mwendo wamanja."

Mng'ono wanga anaimirira, koma sanadumphe.

Ndikanakonda kunena kuti wina anandithokoza. A Kochi anatulutsa anyamata onse n'kunditsira mawu kwa mphindi khumi: ndawachititsa manyazi pamaso pa timu, ndinadziwa kuyambira dzulo osanena, ndikufuna mpando wawo kapena? Nditawakumbutsa za ola lomwe ndinaima pakhomo pawo, anati ndisawaphunzitse ntchito. Pomaliza anati dzina la Chitseko salipereka, Sikisi apite kwa dokotala mawa ndipo sakhudza mpira mpaka dokotalayo atalola, ndipo kuyambira lero zigoli zonse ndizidula kuyambira pamene tataya mpira. Analankhula ngati nzeruyo aibweretsa ndi iwo kuchokera kunyumba. Chitseko ndinakumana naye pakhonde. Anandigwira paphewa, natsekula pakamwa, koma poona amene anaima kumbuyo kwanga anangodutsa.

Mng'ono wanga ananditsatira mpaka m'kachipinda kanga n'kutseka chitseko. Maso anali ofiira.

"Magemu awiri, achimwene. Ndinakupemphani magemu awiri."

"Bondo limenelo silikanafika awiri."

"Mukudziwa bwanji? Ndinu dokotala? Inu mumangodziwa kuimitsa anthu pakhoma." Anandiloza bondo. "Inuyo simunasewere chaka ndi theka bondo lili chotupa? Ndinkakuchapirani mabandeji ndine! Ndinauzako munthu? Alipo amene anakuikani pansalu anzanu akuonerera?"

"Palibe," ndinatero.

"Ndiye?"

"Ndiye n'chifukwa chake ndili m'kachipinda kano."

Anandiyang'ana, nayang'ana maukonde akale aja, mipira yophulika, ndi mpando wanga womanga ndi chingwe. Ndinaganiza kuti wamva. Koma anangotsekula chitseko.

"Bola inu munasewera chaka ndi thekacho," anatero, n'kutuluka.

Dokotala anati kachicherewecherewe ka m'bondo kang'ambika, ndipo pafunika opaleshoni ndi miyezi inayi, mwina isanu. Anatinso akanapitiriza zikanaipa kwambiri, koma mawu amenewo ndinawamva ndekha, chifukwa mwini bondo anali akuyang'ana kuwindo. Anthu a timu yaikulu aja anabweradi Loweruka, ndipo anatenga mnyamata wa timu yomwe tinkasewera nayo. Kunyumba mng'ono wanga amadya mlamu wake akamupatsira kuchipinda. Tikakumana pakhonde amandipatsa moni wathunthu, waulemu, ngati wa mlendo.

Loweruka limenelo ndinakwera ndekha pansanja ya kamera, cham'mbali, sitepe imodziimodzi, n'kuuza mlamu wa a tcheyamani kuti apite akajambule ovina. Ndinatsekula chithunzi mpaka bwalo lonse linalowa. Tinalepherana osagoletsana, ndipo Chitseko sanachoke pamzere wake ngakhale kamodzi. Lolemba ndinaonera katatu monga mwa nthawi zonse. Pa ulendo wachitatu ndinapeza kuti tikangotaya mpira ndikuimitsa kanema n'kuyamba kufufuza nambala sikisi, ndipo ndikaipeza inali pamsana pa mwana wa eni ake.